Mmene mungatsekere imelo kuti ntchito iime

Kuti ntchito ya bizinesi iime, sikuti mpaka mukangane ndi munthu kapena muiwale kulemba. Mutha kulemba imelo yaulemu, mitengo yonse yolondola, n'kuitumiza pa nthawi yake, koma ntchito n'kukhala chiimire sabata yathunthu. Zonse zimathera pa mizere iwiri yomaliza, pamwamba pa dzina lanu. Njira yake ndiifotokoza bwinobwino, chifukwa anthu ambiri akhama pa ntchito amaitsatira tsiku ndi tsiku osazindikira, ndipo ikuwadyera ndalama ndi makasitomala.

Tiyerekeze kuti muli ndi kampani yaing'ono yodinda matisheti ku Limbe. Bungwe lina likufuna matisheti 300 oti amayi akavale pa chikondwerero cha Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndipo m'chaka chathu choyerekezachi tsikulo lagwa Lachitatu. Mwagwirizana K12,000 tisheti imodzi, zonse pamodzi K3,600,000, theka lake loperekeratu. Katundu akufunika afike Lolemba pa 13, kuti Lachiwiri agawidwe. Lero ndi Lolemba pa 29 Sepitembala. Koteshoni ndi chithunzi cha dizaini mwaziphatika kale ku imelo, kwangotsala mawu otsekera.

Tsekani chonchi: "Tikuyembekezera kumva kuchokera kwa inu."

Chiganizo chimenechi n'chodalirika kwambiri poimitsa ntchito, kaya mwachilemba m'Chichewa kaya m'Chingerezi monga zimakhalira m'maofesi ambiri. Mphamvu yake ili pakuti chimanena zimene inu mukuchita, osati zimene wowerengayo akuyenera kuchita. Inu mukuyembekezera. Nanga iye? Mayi amene amagula katundu wa bungwe lija atsegula imelo yanu pa foni, mwina ali pakati pa misonkhano iwiri, ndipo pali maimelo ena ambiri amene akuwadikira. Munthu wotanganidwa chotere sawerenga kuti asangalale. Maso ake amathamangira kumunsi kukafuna zinthu ziwiri, chimene akufunika kuchita ndi tsiku lake. Akapeza kuti wina walemba kuti asaine fomu pofika mawa, amayamba ndi imeneyo. Akafika pa yanu, sapezapo chochita, ndiye amanena mumtima kuti aiona bwino akakhala pansi. Sanakane, ndipo alibe nanu chifukwa. Kungoti imeloyo tsopano yachoka m'gulu la zosawerengedwa, zilembo zake zakuda kwambiri zija zazilala, ndipo pofika madzulo yatsikira pansi pa ena khumi ndi asanu.

Mawu ena a mtundu womwewu ndi akuti "Mutidziwitse maganizo anu" ndi "Tiuzeni mmene tingachitire". Awa amapitirira pamenepo, chifukwa amasenzetsa wowerenga ntchito imene inali yanu. Kuti akuyankheni, ayenera ayambe waganiza yekha kuti chotsatira n'chiyani: kuvomereza dizaini, kutumiza masaizi, kulemba chikalata choitanitsira katundu chimene amachitcha LPO, kapena kupempha dipoziti ku ofesi ya zachuma. Inu amene mumadinda matisheti mukudziwa kuti dizaini ndi masaizi ndizo zimayamba, popeza simungawotche sikirini pa chithunzi chosavomerezedwa, ndiponso simungagule matisheti osadziwa kuti a M ndi angati, a XL ndi angati. Mayi aja zimenezi sakuzidziwa, ndipo si udindo wawo kuzidziwa. Choncho musawauze. Asiyeni alote okha.

Mudzazindikira kuti njira ikuyenda mukalandira yankho Lachiwiri madzulo lakuti, "Talandira, zikomo." Yankholi n'loona, ndipo likukwanira ndendende pa chimene munapempha. Munafuna kumva kuchokera kwa iwo, ndipo mwamvadi.

Chachiwiri, onetsetsani kuti pasapezeke munthu mmodzi amene nkhaniyi ili pamutu pake. Pa bokosi la To lembanipo anthu anayi: mayi ogula katundu, akauntanti, bambo amene akukonza chikondwerero, ndi bwana wamkulu. Moni wake akhale wa onse pamodzi. Kenaka pofika pa pempho, bisani wochita: "Dizaini ikufunika kuonedwa, ndipo malipiro akuyenera kukonzedwa." Chichewa chathu chimalola bwino kalembedwe kotere, ndipo kamamveka kofatsa, n'chifukwa chake kamakopa. Koma taonani zimene zichitike. Akauntanti aona mawu akuti dizaini n'kunena kuti nkhaniyi ndi ya okonza chikondwerero. Okonza chikondwerero aona mawu akuti malipiro n'kunena kuti ndi ya akauntanti. Mayi ogula katundu aona dzina la bwana n'kudikira kuti bwana ayambe alankhulapo, pamene bwana akuona kuti anthu ake atatu alandira kale, ndiye palibe chomudetsa nkhawa. Aliyense mwa anayiwa waganiza mwanzeru, ndipo palibe amene wachitapo kanthu.

Wofuna kuti ntchito iyende akanalemba munthu mmodzi pa To, enawo pa Cc, ndipo akanamutchula munthuyo pa chiganizo cha pempho. Mabokosi awiriwa anawalekanitsira zimenezo: loyamba ndi la amene achite, lachiwiri ndi la amene angodziwa. Inu asakanizeni.

Tsopano tifike pa tsiku, pamene pali nkhani yaikulu.

Musalembe deti. Lembani kuti "posachedwa", "mwamsanga", kapena "mukapeza mpata". Ngati imelo ndi ya Chingerezi, zilembo zinayi zija, ASAP, zimagwira ntchito yomweyo. Mawu onsewa ali ndi khalidwe limodzi: wolemba ndi wowerenga amawamva mosiyana, ndipo aliyense amakhulupirira kuti mnzake wamva monga iye. Kwa inu, mwamsanga ndi mawa kapena mkuja. Kwa mayi aja, amene akuyang'ana kalendala n'kuona kuti pa 15 padakali masabata awiri ndi masiku awiri, mwamsanga ndi nthawi ina iliyonse sabata yamawa. Sakuzengereza dala. Iwo akuwerenga masiku kuchoka lero kupita kutsogolo, ndipo akuona kuti alipo ambiri.

Kuti chinyengo cha masiku ambirichi chikugwireni inunso, musayerekeze kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Mukanatero, mukanaona izi. Katundu akuperekedwa Lolemba pa 13. Loweruka pa 11 ndi lopinda, kuwerenga ndi kulongedza, komanso ndi tsiku lokhalo lopumira ngati magetsi atazima pakati pa sabata. Kudinda matisheti 300 a mitundu iwiri ya inki, pa makina anu a manja, tinene kuti kumatenga masiku atatu: Lachitatu pa 8, Lachinayi pa 9 ndi Lachisanu pa 10. Lolemba pa 6 ndi Lachiwiri pa 7 ndi ogula matisheti kwa opikulitsa ndi kukonza masikirini, ndipo pamafunika masiku awiri chifukwa kawirikawiri sitolo imodzi sikhala ndi masaizi onse a mtundu umodzi. Kuti mugule Lolemba m'mawa, K1,800,000 ija ikhale italowa mu akaunti yanu Lachisanu pa 3. Ndipo bungwe silitulutsa ndalama tsiku lomwelo: pamafunika LPO, invoisi yanu, ndi anthu osaina, amene mmodzi mwa iwo atha kukhala ali ku Lilongwe. Apatseni masiku awiri. Ndiye kuti dizaini ndi masaizi zikufunika zivomerezedwe Lachitatu pa 1 Okutobala, masana asanapitirire.

Masabata awiri aja asanduka masiku awiri. Munthu amene akudziwa zimenezi pa dziko lonse ndinu nokha, ndipo akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Njira yathu ikufuna kuti mukhale chete, mudikire kuti kasitomala atsekule.

Ndikudziwa chimene chimagwira dzanja la munthu pamenepa, ndipo sindichipeputsa. Tinaleredwa kuti wamkulu salamulidwa, ndipo kasitomala ndi bwana. Kulembera munthu amene akukupatsa ntchito yoposa mamiliyoni atatu kuti achite chakuti pofika tsiku lakuti kumaoneka ngati mwano, ngati ukumuikira malire pakhomo pake. Mantha amenewa ndi amene amabala mawu akuti "mukapeza mpata". Koma funsani aliyense amene amagula katundu wa bungwe kuti chimamupweteka n'chiti: kuuzidwa tsiku pa 29 Sepitembala, kapena kuuzidwa pa 9 Okutobala kuti matisheti sakwanira, pamene iye analonjeza kale bwana wake ndi amayi mazana atatu. Deti loperekedwa pamodzi ndi chifukwa chake limamuthandiza munthuyo. Limamupatsa mawu oti apite nawo ku ofesi ya zachuma, akanene kuti odinda akuti ndalama zikapanda kulowa Lachisanu, katundu safika. Popanda deti, mayi aja alibe chokankhira nacho fayilo yanu patsogolo pa mafayilo ena.

Ngati mtima ukukukakamizanibe kulemba tsiku, pali njira zoliwonongera. Yoyamba ndi kulemba kuti "Lachisanu" basi, kapena "sabata yamawa". Imelo simawerengedwa nthawi zonse tsiku limene yalembedwa, ndipo ikatumizidwa kwa munthu wachitatu patapita masiku, Lachisanu lanu limasanduka Lachisanu lina. Ina ndi kulemba manambala okhaokha, 03/10. Kuno kwathu tiwerenga kuti 3 Okutobala, koma ngati m'bungwemo muli wina wochokera ku Amereka, kumene mwezi umayamba kulembedwa, iye aona 10 Malichi. Musatchulenso ola. "Pofika Lachitatu" kwa inu ndi m'mawa, kwa iwo ndi 5 koloko akuweruka, ndipo theka la tsiku limene akauntanti akanayamba kukonza malipiro lapita. Ngati wovomereza ali kunja, ola lopanda dzina la malo limasokonezanso: Johannesburg ndi Blantyre nthawi ndi imodzi, koma London kumayambiriro kwa Okutobala imatsalira ndi ola limodzi, ndipo kuyambira kumapeto kwa mwezi womwewo imatsalira ndi maola awiri.

Njira yoononga kwambiri ndi deti labodza. Lembani kuti mukufuna yankho lero lomwe, pamene mukudziwa kuti Lachitatu n'lokwanira, ndipo musapereke chifukwa. Ulendo woyamba mwina athamanga. Koma tsiku lina adzachedwa ndi masiku atatu, n'kuona kuti palibe chimene chaonongeka. Kuchokera pamenepo madeti anu onse adzawaona ngati phokoso chabe, kuphatikizapo lenileni lija la pa 1 Okutobala.

Chotsala ndi kubisa chimene chidzachitike tsikulo likadutsa. Musanene kuti kuchedwa kwa tsiku limodzi kudya Loweruka lopumira lija, kapena kuti kuchedwa kwa masiku atatu kutanthauza kuti pa 13 mudzapereka gawo chabe la katundu. Mukabisa zimenezi, kasitomala sangasankhe mwanzeru, chifukwa sakudziwa mtengo wa kuchedwa kwake, ndipo mlandu wonse udzagwera inu.

Imelo imene muyenera kuipewa, ngati cholinga n'chakuti ntchito iime, ndi yotha chonchi:

"Mayi, kuti matisheti afike Lolemba pa 13 Okutobala monga tinagwirizana, ndikupempha zinthu ziwiri pofika Lachitatu pa 1 Okutobala, 12 koloko masana: mundiyankhe kuti dizaini imene ndaphatikayi mwaivomereza kapena munene chosintha, ndiponso munditumizire chiwerengero cha saizi iliyonse, S, M, L ndi XL. Ndikalandira, invoisi ndidzatumiza tsiku lomwelo kuti dipoziti ya K1,800,000 ilowe pofika Lachisanu pa 3, popeza matisheti tikagula Lolemba pa 6. Zikadutsa apa, sindingalonjeze kuti onse 300 adzakhala atatha pa 13. Ngati Lachitatu silitheka kumbali yanu, chonde ndiuzeni lero kuti tione pamodzi chimene tingasinthe."

Muli ulemu wonse mmenemu, mulibe mawu okalipa. Mayi aja atha kuyankha ali chiimire pakhonde, ndi mizere iwiri. Akudziwa chimene inu mudzachite akayankha, ndipo chiganizo chomalizacho chawatsekulira khomo loti akane tsikulo nthawi idakalipo. Taonaninso kuti pempho ndi la sitepe yotsatira yokha. Dipoziti yatchulidwa kuti aidziwiretu, koma chimene akufunsidwa lero ndi dizaini ndi masaizi. Wofuna kuononga imelo yotereyi angowonjezera mapempho ena asanu, za mayendedwe a katundu, za risiti, za oda ya chaka chamawa, kuti ziwiri zofunikazo zimire. Apo ayi, asamutse ndime yonseyi n'kuiika pakati pa imelo yaitali, kumapeto n'kubwezerapo "Tikuyembekezera kumva kuchokera kwa inu". Pa Subject asiye mawu amodzi akuti koteshoni, osatchula deti.

Pali malo amene kalembedwe kolunjikaka kamafunika kusamala, ndipo wochita molakwika amawalumpha. Polembera munthu wamkulu kwambiri, kapena ofesi ya boma imene ili ndi ndondomeko zake, simungaike tsiku ngati lamulo, koma mutha kuliika ngati funso: "Kodi n'zotheka kuti tilandire yankho pofika Lachitatu pa 1 Okutobala? Ndikufunsa chifukwa kugula kuyamba pa 6." Deti lilipobe, chifukwa chiliponso. Palinso mawu akuti "ndikapanda kumva kanthu pofika tsiku lakuti, ndipitiriza". Amathandiza pa zinthu zazing'ono zobwezeka, monga ola la msonkhano. Kuwagwiritsa ntchito pa dizaini ndi njira yachidule yodzipezera matisheti 300 okhala ndi dzina la bungwe lolembedwa molakwika, amene palibe anawavomereza ndipo palibe adzawalipire. Pamene pakukhudza ndalama kapena chinthu chosafufutika ngati inki, kukhala chete si kuvomera. Ndipo imelo imene sikufuna yankho, monga yongodziwitsa kuti katundu wanyamuka, inene poyera kuti palibe chochita. Mukaikamonso mawu oyembekezera kumva, mukuphunzitsa makasitomala anu kuti mawu anu otsekera alibe tanthauzo.

Tibwerere ku imelo yathu yoyamba ija, imene inalandira "Talandira, zikomo". Lachitatu ladutsa, Lachinayi ladutsa. Lachisanu pa 3 mtima wayamba kugunda. Apa lembani chikumbutso chofanana ndi imelo yoyamba: "Timangofuna kukukumbutsani za nkhani ija." Musanene nkhani yake, musaphatikenso dizaini, musatchule tsiku. Kuti akuyankheni, ayenera afufuze imelo ya Lolemba, aitsegule, akumbukire pamene zinalekera, ndipo Lachisanu masana palibe amene ali ndi mphamvu zimenezo. Chikumbutso chogwira ntchito chikanatumizidwa Lachitatu lomwelo, ola litangodutsa, pansi pa imelo yoyamba, chikanabwereza pempho lonse m'chiganizo chimodzi ndi kunena nthawi yatsopano pamodzi ndi chimene chatayika kale.

Lolemba pa 6 mudzaimba foni, chifukwa pamapeto pake aliyense amaimba. Mayi aja adzadabwa moona mtima, adzati samadziwa kuti mukudikira iwo, iwo amaona ngati mwayamba kale. Adzavomereza dizaini pakamwa, masaizi adzatumiza pa WhatsApp madzulo, ndipo za ndalama adzati alankhula ndi akauntanti. Mukatsitsa foni, musalembe imelo yotsimikiza zimene mwagwirizana. Zisiyeni m'malere, kuti tsiku limene wina adzafunse kuti anavomereza mtundu wobiriwirawu ndani, pasadzapezeke cholembedwa.

Dipoziti idzalowa Lachitatu pa 8, tsiku limene inki inayenera kuyamba kugwa pa nsalu. Kugula ndi kukonza masikirini kudzatenga Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo mudzatenga mtundu uliwonse umene mwaupeza pa saizi zosowa. Kudinda kudzayamba Loweruka pa 11. Anyamata anu mudzawalipira ovataimu ya Lamulungu, jenereta mudzabwereka ngati magetsi atavuta, ndipo zonsezi zidzachoka pa phindu lanu, chifukwa koteshoni inanena K12,000 ndipo palibe pamene munalemba kuti kuchedwa kudzasintha kanthu. Tsiku lachitatu lodinda ndi Lolemba pa 13 lenilenilo, ndiye kupinda ndi kulongedza kudzagwera Lachiwiri m'mawa, pamene galimoto ya bungwe idzakhala itaima kale pakhomo kudikira katundu amene anayenera kugawidwa tsiku lomwelo.